Ndalama Zotsala Zibwerere Kwawo

Pa ofesi ya bungwe la Tiyezge Nawo, kuseri kwa msika wa pa boma la Chama, munthu wodedwa kwambiri anali Immaculate Goma, ndipo chidanicho anachigwirira ntchito zaka ziwiri zathunthu. Iye ndiye anali wosunga ndalama za pulojekiti ya mijigo. Anzake ankamutcha Mayi Lisiti, poyamba kumbali, kenako pamaso penipeni, chifukwa ngakhale ugule botolo la madzi pa Lundazi, iye ankafuna kapepala. Ena ankati tsiku lake likadzakwana adzayamba wafunsa lisiti ya bokosi asanalole kugonamo.

Pulojekitiyo inali ya mijigo khumi m'midzi ya ku Tembwe ndi ku Kambombo. Ndalama zinachokera kwa anthu a mpingo wina wa ku Ulaya, omwe anali ndi kaofesi kawo ku Lusaka, ndipo pangano linanena mosapita m'mbali kuti zonse zidzatha pa 31 Disembala. Mijigo khumiyo inakumbidwa, madzi anatuluka, akuluakulu anajambulitsa atagwira mpini wa mjigo ngati anthu amene anatungako madzi chibadwire. Zonsezo zinali bwino. Chomwe chinachititsa manyazi bungwe lonse n'choti ndalama zinatsala.

Zinatsala chifukwa cha nkhanza za Immaculate. Mu bajeti munali mzere wonenepa wa maphunziro a makomiti a mijigo, ndipo aliyense wodziwa chitukuko amadziwa kuti munthu sangaphunzire kumanga nati ali kwawo. Ayenera kupita ku loji ku Lundazi, agoneko masiku anayi, adye nkhuku, alandire alawansi, pamenepo nzeru n'kulowa. Koma Immaculate anachititsa maphunzirowo m'makalasi a sukulu za m'midzi momwemo, Loweruka, anthu atapanikizana pa madesiki a ana, mjigo weniweni uli panja pomwepo. Choipa kwambiri n'choti anthuwo anaphunziradi.

Sikuti Immaculate ankakonda kuona ndalama zikugona m'banki. Pa mndandanda wa midzi yosowa madzi, mudzi wa Zebediya ku Tembwe unali wa nambala 11, pomwe bajeti inkadziwa kuwerenga mpaka 10 basi. Anthu a kumeneko m'chilimwe amafukula mchenga wa mumtsinje n'kudikira kuti timadzi tisonkhane, ndipo akachedwa amapeza njovu zawatsogolera. Tsiku lina mu Ogasiti, Immaculate akuchokera ku maphunziro, mayi wina wa m'mudzimo dzina lake Damaris Kumwenda anaimitsa njinga yake yamoto pakati pa msewu, n'kumuthirira madzi a m'chigubu chake m'chivindikiro kuti alawe. Madziwo anali ofiirira ngati tiyi wopanda mkaka. Immaculate, amene sankalonjeza munthu ngakhale cholembera, anangomva pakamwa pake pakunena kuti, "Mama, ndalama zikutsala. Mjigo wanu ubwera."

Njira yake ankaidziwa bwino. Ndalama za opereka thandizo si chimanga cha m'nkhokwe, choti ukadya mosamala chotsalacho n'chako. Kuti uchotse ndalama pa mzere wa maphunziro n'kukumbira mjigo m'mudzi womwe suli m'pangano, uyenera kupempha polemba kalata, ndipo ngati ukufunanso nthawi yowonjezera, pempholo lifike kutatsala masiku osachepera makumi atatu kuti pulojekiti ithe. Immaculate analemba kalatayo pa 6 Okutobala. Anapempha mjigo umodzi wa K95,000, ndi miyezi isanu yowonjezera popanda ndalama zina, popeza mvula ikangoyamba galimoto yokumbira singafike ku Tembwe mpaka msewu utauma. Anaiika pa tebulo la mkulu wa bungwe, a Bornwell Ng'uni, chifukwa eni ndalama samvera kalata yopanda siginecha ya mkulu.

A Bornwell anali bambo wosalala, wa mawu ofewa, wokonda kupemphera nthawi yaitali asanatsegule msonkhano uliwonse wokhala ndi alawansi. Patapita sabata Immaculate anawafunsa za kalata ija, iwo n'kuyankha kuti, "Osadandaula, ba Goma, ninaituma kale." Mu Novembala anafunsanso, iwo n'kuti ku Lusaka amachedwa. Mu Disembala anati azungu ali pa Khirisimasi. Ndiye taonani zodabwitsa: mayi amene ankafuna lisiti ya botolo la madzi sanafunse umboni wa kalata ya K95,000. Ankaona kuti n'chipongwe kuuza bwana kuti onetsani, ndipo ulemu umenewo ndi womwe unamugwetsa.

Sabata yachiwiri ya Januwale, mvula ikugogoda malata a ofesi, Immaculate anaimbira foni Barbara Sikazwe, mayi woyang'anira mapangano ku ofesi ya eni ndalama ku Lusaka.

"Ba Barbara, nifuna kufunsako za kalata yathu ya mu Okutobala. Yankho sinaione, manje mu lipoti nilembe bwanji?"

"Kalata iti?"

"Ya mjigo wa kwa Zebediya, na miyezi yowonjezera."

Kunamveka kugogoda kwa makiyi a kompyuta. "Kuno kulibe kalata yotero. Imene tinalandira ni ya pa 20 Novembala, yosainidwa na ba Ng'uni, yopempha kuti ndalama zotsala muchitire msonkhano wotsekera pulojekiti ku Chipata, anthu makumi atatu, masiku asanu. Tinakana pa 12 Disembala. Sanakuuzeni?"

Immaculate anayankha kuti sanauzidwe. Anafotokoza zonse, za mchenga, za njovu, za madzi ofiirira, mawu akuthamangitsana. Barbara anamvetsera mpaka kumapeto, chifukwa anali munthu wabwino, ndipo ubwino wakewo ndi umene unapweteka kwambiri.

"Ayi, mukanapempha mjigo tikanavomera tsiku lomwelo. Anzanu a ku Petauke tinawavomereza ziwiri zotero. Koma manje pangano inatha, sisita. Ningawonjezere bwanji nthawi pa chinthu chakufa? Mabuku a chaka chatha kwathu anatsekedwa, na ine nilibe mphamvu. Lipoti ya ndalama ifike pa 28 Febuluwale. Tikaivomereza, zotsala mubweze pasanathe masiku makumi atatu, pamodzi na chiwongoladzanja cha ku banki."

Immaculate sanagogode polowa mu ofesi ya a Bornwell. Anawapeza akusenda nthochi, ndipo sanatsamwe n'komwe atamva funso lake. Anatsegula kabati, n'kutulutsa kalata ija ili yoyera bwinobwino, yosasainidwa, yokhala ndi chizindikiro cha kapu ya tiyi pakona.

"Khalani pansi, ba Goma. A bodi ya bungwe anaona kuti pulojekiti yaikulu chonchi siingathe chabe monga maliro a nkhuku. Pafunika kukhala pansi, kuunika, kuphunzirapo."

"Ku Chipata?"

"Kuno ku Chama kulibe malo oganiziramo bwino." Anamaliza nthochi. "Ndipo tinene zoona, vuto munaiyambitsa ndimwe. Ndalama ya pulojekiti ni yodya. Anthu anaitumiza kuti idyedwe, imwe munaisunga monga ya chilimba, ija yosonkherana amayi. Manje tizaoneka monga bungwe yosadziwa kugwiritsa ntchito ndalama. Koma osalira, njira ipezeka."

Immaculate anatuluka msanga, chifukwa mawu omwe anali nawo pakamwa sanali oyenera mayi wa kwaya.

Masiku otsatira anawathera pa manambala, ndipo manambala, mosiyana ndi anthu a mu ofesiyo, sankasintha nkhani. Anatenga sitetimenti ya banki n'kuiyerekeza ndi buku lake mzere ndi mzere mpaka zinagwirizana. Pa 31 Disembala mu akaunti ya pulojekiti munali K168,300, chiwongoladzanja chili momwemo. Anachotsapo K41,000 ya wokumba mijigo, ndalama yomwe anaigwira dala mpaka mijigo itaonetsa kuti ikugwira ntchito. Imeneyo inali ngongole yeniyeni, ya ntchito yochitika pulojekiti isanathe, ndipo pangano linkalola kuilipira m'masiku otsekera. Anachotsanso K25,000 ya odita wodzafufuza mabuku a ndalama, yomwe pangano linaitchula ndi dzina kuti idzalipidwa pomaliza. Panatsala K102,300.

Kenako panali kanthu kena. Mu Seputembala a Bornwell anatenga K4,200 ya ulendo wokayendera mijigo ku Kambombo, ndipo mpaka lero sanabweretse lisiti ngakhale imodzi, komanso anthu a ku Kambombo sankakumbukira kuti anawaona. Ndalama yopanda umboni eni ake saiwerengera ngati yogwiritsidwa ntchito, amaifuna ibwerere. Immaculate anaiphatikiza mosangalala pang'ono, chisangalalo chokhacho chomwe anachipeza mwezi wonsewo. Zobweza zinakwana K106,500. Anayang'ana nambalayo nthawi yaitali. Munali mjigo wathunthu mmenemo, ndi chenji chomwe.

Njira ya a Bornwell inafika Lachitatu, itavala jekete lachikopa. Anali Hosea Mtonga wa ku Lundazi, mwini galimoto yokumbira, yemwe anakumba mijigo khumi ija. Anakhala atatu mu ofesi ya mkulu, chitseko chitatsekedwa, ndipo a Bornwell anayamba ndi pemphero lalifupi, zomwe zinasonyeza kuti nkhaniyo inali yofulumira.

"Ba Goma, pangano ikamba kuti mzere uliwonse ungapitirire na teni peresenti popanda kupempha. Ni zoona?"

"Ni zoona."

"Mzere wokumba ni K950,000. Teni peresenti yake ni zingati?"

Immaculate anawerengera mumtima. Masamu a bwana wake, omwe ankasokonekera akafunsidwa za K4,200, tsiku limenelo anali akuthwa. Inali K95,000 ndendende.

"Ba Mtonga azalemba invoisi ya pa 15 Disembala," anapitiriza a Bornwell, "kuti pa mijigo inayi anapeza mwala, anakumba mamita owonjezera. Imwe muiika pa ngongole zosalipira, tiwalipira, lipoti ioneka bwino. Mu Meyi msewu ukauma, apita kwa Zebediya, akumba. Palibe wakuba apa. Ndalama ya madzi ipita ku madzi. Kapena mufuna ibwerere ku Ulaya, kumene madzi amatuluka m'khoma?"

Tisanamizane, mawu amenewo anamulowa Immaculate. Akanakhala kuti a Bornwell apempha za Chipata, akanawaseka n'kutuluka. Koma apa anamugwira pa chilonda. Kwa masiku atatu ankayenda ndi nkhaniyo, kunyumba, kumsika, ku kwaya komwe anaimba vesi lachitatu anzake ali pa lachiwiri. Ankadziwa kuti mapepala a kuya kwa mjigo uliwonse, osainidwa ndi wa zamadzi wa ku khonsolo, anawatumiza yekha ku Lusaka miyezi itatu iliyonse, ndipo odita wosagona akhoza kuona kuti mwala umenewu wamera mu Januwale. Ankadziwa kuti zikadziwika, dzina lake ndi ntchito yake zathera pomwepo, bungwe nalo silidzaonanso ngwee. Koma ankadziwanso kuti maodita ena amagona, ndipo nkhope ya Damaris Kumwenda sinkamuchoka m'maso. Anayamba kudziuza kuti bodza lotulutsa madzi mwina Mulungu amaliona ndi diso lina.

Loweruka m'mawa anapeza Hosea pa sitolo ya zitsulo pafupi ndi siteshoni ya basi, akusankha mabawuti. Immaculate anali atalemba kapepala kunyumba.

"Ba Mtonga, nikhoza kuvomera. Koma musaine apa, kuti mwalandira K95,000 ya mjigo wa kwa Zebediya, ndipo muzakumba pasanafike pa 31 Meyi."

Hosea anawerenga kapepalako, n'kuseka mpaka mwini sitolo anasuzumira.

"Mayi Lisiti, imwe! Invoisi ikamba kuti ndalama ni ya mwala wa mu Disembala, pepala iyi ikamba kuti ni ya mjigo wa mu Meyi. Zikakumana ziwirizi pa tebulo imodzi, ine na imwe tigona kuti? Pepala yotere sisainidwa. Izi ni za chikhulupiriro."

"Nanga mukapanda kubwera mu Meyi?"

"Nizabwera."

"Mukapanda?"

Hosea anabweza kapepalako mwaulemu, ndi manja awiri. "Makina ni makina, mayi. Kompuresa yanga ili na chifuwa, ifunika kupita ku Lusaka. Na ba Ng'uni anakamba kuti pa ndalama iyi pali kena kawo ka a bodi, kopukutira misozi ya Chipata. Koma tizaona. Mulungu ni wabwino."

Immaculate anaima pakhonde la sitoloyo mvula ikuwaza, ndipo zonse zinamuonekera poyera. Akasaina, mabuku adzanena kuti Hosea analipidwa pa ntchito yomwe anaimaliza kale. Meyi akadzafika galimoto osaoneka, adzakadandaula kwa yani? Ku polisi, kukanena kuti bambo uyu wandibera ndalama zomwe tinaba limodzi? Ndalama zidzapita, mjigo osabwera, iye n'kukhala kapolo wa anthu awiriwa moyo wake wonse. Anakwiya kwambiri, makamaka podziwa kuti kwa masiku atatu anali atatsala pang'ono kuvomera.

Lipoti analilemba m'masabata awiri. Mzere uliwonse unali ndi bajeti yake, zomwe zinagwiritsidwa ntchito, kusiyana kwake, ndi kabokosi kofotokozera chifukwa. Pa mzere wa maphunziro analemba kuti ndalama zinatsala chifukwa makomiti anaphunzitsidwa m'midzi yawo. Pamzere wa maulendo anaika K4,200 payokha, n'kulemba kuti ilibe umboni. Anaphatikiza sitetimenti, chigwirizanitso cha banki, mndandanda wa ngongole ziwiri zija, ndi mndandanda wa katundu wa pulojekiti, womwe unali njinga yamoto imodzi ndi kompyuta yomwe inkayaka ikafuna. Odita anabwera kuchokera ku Chipata, anakhala masiku atatu akutsegula mafayilo, ndipo pochoka ananena kuti sanaonepo mabuku oyera chonchi m'boma lonse la Chama. Immaculate anamuthokoza monga momwe munthu amathokozera oyamikira kukongola kwa bokosi pamaliro.

Lipoti linkafuna masiginecha awiri. A Bornwell analiwerenga atavala magalasi, ndipo atafika pa K106,500 anavula magalasiwo.

"Mwakana njira?"

"Nakana."

"Anthu a kwa Zebediya muzawauza ndimwe. Ndimwe munalonjeza, ine sininalonjeze munthu."

"Nizawauza. Sainani."

"Nanga iyi K4,200? Mufuna kunichititsa manyazi kwa azungu?"

"Mu akaunti muli K102,300 chabe tikalipira ngongole. Yotsalayo ifunika ilowe tisanatumize. Mukabweretsa malisiti enieni nizaichotsa, mukalephera mubweretse ndalama."

"Malisiti a Seputembala ningawapeze kuti manje?"

"Kumene munagona, ba Dairekita."

A Bornwell anamuyang'ana, n'kuona kuti funso la kumene anagona likhoza kuyenda mpaka kunyumba kwa akazi awo. Anasaina. Ndalamayo anaibweretsa patapita masiku anayi, ya mapepala okwinyika, n'kuiponya pa tebulo osapereka moni. Immaculate anawalembera lisiti.

Lipoti linapita pa 24 Febuluwale. Ku Lusaka analivomereza pakati pa Malichi popanda funso ngakhale limodzi, n'kutumiza kalata yotchula ndalama zobweza ndi nambala ya akaunti yawo. Tsiku lotumiza, Immaculate ndi a Bornwell anayenda wapansi kupita ku banki, wina kutsogolo wina kumbuyo ngati banja lopita kukhoti. Anadzaza fomu, onse awiri anasaina, ndipo ndalama yolipira potumiza inachokera m'thumba la bungwe, chifukwa eni ndalama ankafuna K106,500 yawo yosabenthuka. Mtsikana wa pa kauntala anadinda chidindo, n'kufunsa ngati akufunanso kutseka akauntiyo. Zonse zinatenga mphindi makumi awiri. Ndalama zomwe Immaculate anazisonkhanitsa zaka ziwiri, akudedwa ndi ofesi yonse, zinachoka m'Chama mofulumira kuposa basi iliyonse.

Patatha sabata kunabwera kalata yotsekera. Eni ndalama anathokoza bungwe la Tiyezge Nawo chifukwa cha kukhulupirika ndi mabuku osamalika, ndipo anati njinga yamoto ndi kompyuta zikhale za bungwe. M'ndime yomaliza anawonjeza mwachikondi kuti popeza bungwe silinathe kugwiritsa ntchito ndalama zonse za maphunziro, pempho lililonse la m'tsogolo lidzayenera kukhala ndi bajeti yocheperako, yogwirizana ndi mphamvu zake. Za mijigo anati chaka chino maso awo ali ku chigawo china. A Bornwell anaiika ndime yoyamba m'felemu n'kuipachika kukhoma, yomalizayo anaiwerenga mokweza pa msonkhano wa antchito, akuyang'ana Immaculate.

Msewu wa ku Tembwe unauma kumapeto kwa Epulo. Immaculate anadzipezera zifukwa sabata imodzi, kenako ina, mpaka anachita manyazi ndi iye mwini. Anathira mafuta a ndalama zake m'njinga yamoto n'kunyamuka m'mawa, akudutsa minda ya chimanga chouma ndi anthu okankha njinga zolemedwa ndi matumba. Njira yonse ankakonza mawu. Anayesa kuyamba ndi pangano, anayesa kuyamba ndi masiku makumi atatu, koma mawu aliwonse ankamveka ngati a Bornwell.

Anapeza Damaris pakhomo pake akutong'ola chimanga ndi amayi ena awiri. Atangomva njinga, mayiyo anaimirira n'kuyang'ana kumsewu, kumbuyo kwa Immaculate, ngati kukubwera chinthu china chachikulu. Kunalibe kanthu koma fumbi. Anamupatsa mpando, anapatsana moni wonse mpaka wa ana ndi wa minda.

"Mama," anatero Immaculate, "mjigo subwera. Ndalama zinatsaladi, koma pempho siinafike pa nthawi yake. Lamulo ikamba kuti zotsala zibwerere kwa eni ake. Nazibweza."

"Mwazibweza."

"Inde."

"Zonse?"

"Zonse, mama. Kulakwa ni kwanga. Ninalonjeza chinthu nisanachigwire m'manja."

Amayi awiri aja anasiya kutong'ola. Damaris sanakalipe, ndipo Immaculate akanakonda akanakalipa. Anangofunsa modekha ngati eni akewo analandira bwino, ngati sizinaperewere panjira. Atamva kuti zinafika zonse ndipo anathokoza polemba kalata, anagwedeza mutu.

"Yewo. Ni bwino kuti afika nazo bwino, angavutike."

Analowa m'nyumba. Immaculate anaganiza kuti nkhani yatha, kuti mayiyo wapita kukalira kapena kukamusiya yekha ndi manyazi ake. Koma anatuluka atanyamula chitini cha mkaka wa ufa chomangidwa ndi nsanza, ndi kope la ana asukulu lopindika m'makona. Anakhala pamphasa n'kuziika pamapazi a mlendo.

"Mutapita paja mu Ogasiti, ine ninauza mudzi. Tinamva kuti kwa anzathu amene muli kuwapatsa mijigo mufuna komiti na ndalama yokonzera ikawonongeka. Tinati tisachedwe, angatipeze osakonzeka. Tinasankha komiti, ine msungichuma. Nyumba iliyonse K10 pamwezi, nyumba makumi anayi na ziwiri, kuyambira Seputembala. Mu Febuluwale, njala ili pakati, ena anagulitsa nkhuku kuti asatsalire. Amene anakana ninawayendera pakhomo, ninawauza kuti mayi wa ku boma uja sanama."

Anamasula chitini chija, momwe munali ndalamazo, n'kutsegula kopelo. Munali mayina m'mizere yowongoka yojambulidwa ndi rula, mwezi uliwonse ndi bokosi lake, ena atasaina, ena atadinda chala ndi inki ya cholembera. Immaculate, mwa chizolowezi chake chomvetsa chisoni, anapeza maso ake akuwonkhetsa, ndipo zinakwana ndendende, K3,360, popanda ngwee yosowa. Misozi inamutuluka pamaso pa anthu, iye amene sanalirepo mu ofesi zaka zonsezo.

Damaris anadikira kuti amalize, kenako anamukankhira cholembera.

"Manje imwe mudziwa bwino ntchito iyi yobweza. Nithandizeni, tiyambe na nyumba iti? Ndipo tiyende tonse, mama. Ine nekha sazanikhulupirira."